Chithunzi chakale chothyoka: tisikane pa dpi ingati, ndipo tisunge m'fayilo yamtundu wanji?

*"Ndili ndi chithunzi cha ukwati wa makolo anga, chopanda mitundu, chojambulidwa ku situdiyo ine ndisanabadwe. N'chaching'ono, masentimita 9 m'lifupi ndi 13 m'litali. Chinathyoka, mzere wake wadutsa pankhope ya amayi, ndipo ngodya imodzi inadontheredwa ndi mvula mpaka pali banga lachikasu. Ndinachisikanitsa pashopu ya fotokope, iwo n'kunditumizira pa WhatsApp. Mnyamata wokonza zithunzi pakompyuta wachikana, akuti n'chochepa, ndikasikanitsenso. Ndikufuna akachikonza ndichitsukitse chachikulu ngati pepala la A4, ndichiike m'felemu. Ndikawauze chiyani apashopuwo? Za dpi ndi TIFF akunenazi ine sindikuzimva."* — Mayi wa ku Zomba

Mayi, mtima m'malo. Pepala lachithunzilo likadali m'manja mwanu, ndiye kuti palibe chatayika. Chimene chinalakwika ndi kasikanidwe kokha, ndipo kubwereza kwake sikudya ngakhale theka la ola. Mnyamatayo wachita bwino kukana, chifukwa akadavomera mukadalipira ntchito yoti pamapeto pake nkhope ya amayi anu ituluke ngati ya chidole.

Yankho lachidule ndi ili: akasikane pa 1200 dpi, mwa mitundu ngakhale chithunzicho chilibe mitundu, pa `48-bit Color` ngati sikanayo ili nayo, asunge ngati TIFF, ndipo akuikireni pa fulashi. Koma ndi bwino mumvetse kumene manambalawa achokera, kuti apashopu akayamba kukutsutsani mudziwe pogonja ndi poumirira.

Sikana imaduladula chithunzi kukhala timadontho tating'onoting'ono totchedwa mapikiseli. Nambala ya dpi imanena kuchuluka kwa timadontho timene sikana itenge pa inchi iliyonse ya pepala, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Chithunzi chanucho ndi pafupifupi mainchi 3.5 m'lifupi ndi 5 m'litali. Makina ambiri a m'mashopu a fotokope amakhala atatchereredwa pa 200 kapena 300 dpi, poti ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi makalata ndi masatifiketi. Pa 200 dpi chithunzi chanu chimatuluka mapikiseli 700 m'lifupi ndi 1000 m'litali. Pa foni chimaoneka bwino ndithu, n'chifukwa chake simunakayikire kanthu.

Vuto limaonekera pankhope. Tiyerekeze kuti nkhope ya amayi papepalapo ndi sentimita imodzi m'lifupi, monga zimakhalira pa zithunzi za anthu awiri oimirira. Pa 200 dpi nkhope yonseyo ili ndi mapikiseli osakwana 80 kuchoka khutu ili kufika khutu ilo, ndipo diso limodzi lili ndi 15 kapena 16 basi. Mzere wothyokawo ukadutsa padisopo, wokonza alibe pogwira: amakonza potapa khungu kapena mthunzi wapafupi n'kuphimba nawo mng'aluwo, ndiye pa timadontho 15 akangotapa kamodzi wafufuta diso. Pa 1200 dpi nkhope yomweyo ili ndi mapikiseli oposa 470, diso lili ndi oposa 90, m'mbali mwa mng'alu mukuoneka bwinobwino, ndipo angathe kutseka mng'alu wokhawo osakhudza chikope.

Chachiwiri ndi kukula kumene mukufuna potsukitsa. Kuti chithunzi chotsukitsa chioneke chosalala munthu atachigwira m'manja, pamafunika mapikiseli pafupifupi 300 pa inchi iliyonse ya pepala lomalizalo. Pa A4, amene ndi masentimita 21 ndi 29.7, zimenezi zikutanthauza mapikiseli 2480 ndi 3508. Kuwerengera kwake n'kosavuta:

```
dpi yosikanira = 300 × (kukula kofunika ÷ kukula kwa chithunzi chakale)
300 × (21 ÷ 9) = 700
```

Ndiye 700 ndi pochepetsetsa. Komanso zithunzi zakale za ku situdiyo zambiri zili ndi mkombero woyera m'mbali, umene wokonza adzaudula. Ukadya theka la sentimita mbali iliyonse, chithunzi chenicheni chimatsala masentimita 8 m'lifupi, ndipo nambala ija imakwera kufika pafupifupi 790. Tsiku lina m'bale wanu adzati akufuna nkhope ziwiri zokhazo zikulitsidwe. Kachigawo ka masentimita 5 kokakulitsidwa kufika 21 kamafuna dpi yopitirira pang'ono 1200. Masikana ambiri amapereka 300, 600 ndi 1200, ndiye poti 600 yaperewera, timakwera pa 1200 n'kutha nazo kamodzi. Chithunzi chothyoka sichofunika kumachitulutsatulutsa chaka ndi chaka kuti chikasikanidwenso.

Ngati sikana ya pashopupo imalekezera pa 600, musabwerere nacho kunyumba. Pa 600 mupeza mapikiseli 2100 ndi 3000, amene pa A4 akupereka pafupifupi 255 pa inchi. Chithunzi chopachika pakhoma, chimene anthu amachionera patali mita imodzi, palibe adzaone kusiyana. Apa ndi pogonja. Pa 300 ndiye ayi.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi kuti musadzakhumudwe. Kusikana pa 1200 sikuchititsa chithunzi kuoneka bwino kuposa mmene chilili papepala. Pepala la chithunzi lili ndi malire ake: zambiri zimene wojambula anagwira zimakhala zatengedwa kale pofika 300 mpaka 600 dpi, ndipo kupitirira apo sikana imangoonetsa bwino ulusi wa pepala, fumbi ndi timikwingwirima. Ngati wojambulayo anagwedeza kamera tsiku la ukwatilo, kugwedezako kudzaonekabe. Phindu la 1200 ndi malo ogwirira ntchito a wokonza komanso kukulitsa kopanda timabokosi. N'chifukwa chake 2400 kapena 4800 pa pepala ngati lanuli ndi kungotaya nthawi. Kuwirikiza dpi kawiri kumakulitsa fayilo kanayi, chifukwa kumawirikiza m'lifupi ndi m'litali momwe, ndipo fayilo ya mamegabayiti 600 imafooketsa kompyuta ya wokonza popanda chimene mwapindula. Zithunzi zina lamulo lake ndi lomwelo koma yankho limasintha: chachikulu cha masentimita 20 ndi 25 chimakwanira pa 600, pamene ka pasipoti ka masentimita 3.5 ndi 4.5 kamafuna 1200 kuti kangofika masentimita 13 ndi 18.

Apashopu akakuuzani monyadira kuti makina awo amafika 9600 kapena 19200 dpi, musatengeke. Sikana ili ndi nambala ziwiri. Ina ndi imene diso lake limaonadi, yolembedwa `optical resolution` pabokosi kapena m'buku lake. Inayo, `interpolated`, ndi yongopeka: pulogalamu imatenga timadontho tiwiri toyandikana n'kuikapo ena pakati mongoyerekeza. Akalemba 600 x 1200 kapena 1200 x 2400, yenizeniyo ndi nambala yaing'onoyo. Musapitirire pamenepo.

Tsopano nkhani ya mitundu, imene ambiri amaiphonya. Munthu akaona chithunzi chopanda mitundu amathamangira kusankha `Grayscale`, ena mpaka `Black & White`. Chachiwirichi ndi msampha weniweni, chifukwa pa masikana ambiri chimatanthauza zakuda bii ndi zoyera mbee zokha, popanda zapakati, monga zimafunikira pa kalata yotayipa. Nkhope imatuluka ngati chidindo. `Grayscale` ndi yabwinoko, koma pa chithunzi chanu ikutayitsani chida chachikulu chochotsera banga lija.

Zili chonchi. Mukasikana mwa mitundu, kompyuta imasunga zithunzi zitatu zosanjikizana: china choonedwa m'kuwala kofiira, china kobiriwira, china kwa buluu. Banga lachikasu kapena lofiirira limameza kuwala kwa buluu koma limabweza kofiira. Choncho wokonza akatsegula gawo la buluu lokha, bangalo limaoneka lakuda kwambiri. Akatsegula gawo lofiira, limazimiririka mwina mpaka kutsala pang'ono kusoweka, pamene suti ya abambo ndi diresi ya amayi zili pompo. Amangotenga gawo lofiiralo kukhala maziko a ntchito yake, ndipo theka la bangalo lachoka asanagwire n'komwe. Inki ya bolopeni ya buluu, ngati mwana analembapo, imachepa mphamvu m'gawo la buluu mwa njira yomweyo. Mukasikana pa `Grayscale`, sikana imasakaniza zitatuzo kukhala chimodzi, banga limasanduka mthunzi wotuwa wosasiyana ndi mithunzi yeniyeni ya chithunzi, ndipo liyenera kuchotsedwa pamanja kadontho ndi kadontho.

Nanga 48 ija ya `48-bit Color`, ndi inzake 24? Zimanena kuchuluka kwa masitepe a kuwala pakati pa kuda ndi kuyera. Pa `24-bit Color` gawo lililonse mwa atatu aja lili ndi masitepe 256. Pa `48-bit Color` lili ndi 65,536. Chithunzi chosasuluka sichivutika ndi 256. Koma chithunzi chakale chimakhala chitasuluka: zakuda zake zatuwa, zoyera zake zachita chikasu, ndipo mwina chonsecho chadzipanikiza m'masitepe 100 okha apakati. Wokonza akachikoka kuti chakuda chide ndi choyera chiyere, masitepe 100 aja amatambasulidwa pa malo a 256, pakati pake n'kutsala mipata. Zotsatira zake zimaoneka pamalo osalala monga patsaya, pachipumi ndi pansalu ya kumbuyo ya situdiyo: m'malo mwa mthunzi woyenda pang'onopang'ono mumaona mizeremizere ngati ya mapu. Pa 48 masitepe ndi ochuluka moti kukoka kotereku sikusiya mpata wooneka. Ngati sikana ilibe 48, landirani 24. Zikatero wosikanayo ayambe waona chithunzicho pa `Preview`, akoke malire osikanira kuti azungulire chithunzi chokhacho ndi kampata pang'ono m'mbali, ndipo aonetsetse kuti diresi yoyera sinayere mpaka kutaya mapindo ake. Choyera chimene chapsa posikana sichibwereranso.

Za mtundu wa fayilo ndiye pamene muyenera kuumirira. JPEG imachepetsa fayilo potaya zina mwa zimene sikana yaona. Imagawa chithunzi m'timabokosi ta mapikiseli 8 ndi 8, ndipo m'kabokosi kalikonse imasiya zimene ikuganiza kuti diso silingazindikire. Pa chithunzi cha paphwando chojambula ndi foni palibe vuto. Koma pamene kuda ndi kuyera zakumana mwadzidzidzi, monga m'mbali mwa mng'alu woyera wodutsa pankhope yakuda, JPEG imasiya timizukwa tozungulira mzerewo, pamalo penipeni pamene wokonza akufuna kutapa khungu losawonongeka. Akawonjezera mphamvu ya kuda ndi kuyera, timabokosi tija timatulukira poyera. Ndipo nthawi iliyonse akasintha kanthu n'kusunganso ngati JPEG, imatayanso zina. Kungotsegula kapena kukopera fayilo sikuiwononga, chimene chimawononga ndi kusunganso. Kuwonjezera apo JPEG wamba sinyamula 48. Ngakhale mutasikana pa 48, posunga imabwerera pa 24.

TIFF imasunga kadontho kalikonse mmene sikana yakaonera. Mtengo wake ndi kukula: chithunzi chanu pa 1200 dpi ndi mapikiseli 4200 ndi 6000, ndipo chimadya mamegabayiti pafupifupi 76 pa 24 kapena 150 pa 48. Pa 600 ndi 19 kapena 38. Fulashi iliyonse ya masiku ano imanyamula zimenezi osamva kulemera. Posunga pakabwera funso la `Compression`, asankhe `None` kapena `ZIP`. `LZW` nayo sitaya kanthu, kungoti pa mafayilo a 48 nthawi zina imakulitsa fayilo m'malo moichepetsa. Chokhacho chopewa ndi `JPEG` yobisala m'kati mwa TIFF, imene mapulogalamu ena amaiika pamndandanda womwewo.

TIFF ikasowa, PNG ndi yachiwiri, poti nayonso sitaya kanthu. PDF ikaneni: makina a m'mashopu nthawi zambiri amaika JPEG yofinyidwa kwambiri m'kati mwake, ena amayesanso kulekanitsa zolemba ndi zithunzi n'kusokoneza zonse. Ngati makinawo sadziwa china koma JPEG, asankhe mlingo wapamwamba kwambiri wa `Quality`, ndipo wokonza akangolandira aisunge ngati TIFF asanayambe ntchito. Kutero sikubweza zimene zatayika, kumangoletsa kutayika kwina.

Kawirikawiri vuto silikhala makina koma njira yowalamulira. Wosikana akadina batani la pamakina penipenipo, kapena kugwiritsa ntchito kapulogalamu kachidule ka mu Windows, amapeza zosankha zochepa. Zambiri zimabisala m'pulogalamu ya kampani imene inapanga sikanayo, pansi pa dzina ngati `Professional Mode` pa Epson kapena `Advanced Mode` pa Canon. Mommo muli timabokosi tofunika kuzimitsa: `Unsharp Mask`, `Dust Removal`, `Color Restoration`, `Descreening` ndi china chilichonse cholonjeza kukonza chithunzi chokha. Mayina ake amakopa, koma chonolera cha `Unsharp Mask` chimanola ming'alu ndi fumbi kuposa nkhope, ndipo chochotsa fumbi sichisiyanitsa fumbi ndi kadontho kowala ka m'diso kapena mkanda wa pakhosi. Zonsezi wokonza angazichite bwino pambuyo pake akuona ndi maso. Zikachitika posikana zimakhazikika m'fayilo.

Pa kagwiridwe ka pepalalo, zochepa koma zosabwezeka. Chithunzi chigonekedwe pagalasi, chisalowetsedwe m'kamwa kokoka mapepala ka pamwamba pa makina, chifukwa mawilo ake amamaliza kuthyola pothyoka. Galasi lipukutidwe ndi kansalu kofewa ndipo liume. Chithunzicho chingopupulidwa fumbi ndi kabulashi kofewa. Madzi, sipiriti kapena malovu ayi. Musamate selotepi pamng'alu kuti chigone bwino, ndipo wina akati achilamineti kuti chilimbe, kanani, poti pulasitiki ija sichokanso. Ngati chinapindika, chivindikiro chitsekedwe pang'onopang'ono. Dziwaninso kuti masikana opyapyala ndi ambiri a pamwamba pa purinta amaona bwino chokhacho chimene chakhudza galasi. Pamene pepala latukuka ngakhale milimita imodzi kapena ziwiri pamatuluka mbuu. Mukaona kuti mbali yapafupi ndi mng'alu yachita chimbuuzi pamene kwina kuli bwino, vuto ndi limenelo, ndipo kukweza dpi sikungathandize. Pamafunika sikana yokhuthala yopangidwira zithunzi.

Yendetsani chala m'mphepete mwa chithunzicho. Ngati pepala lake ndi losalala, dumphani ndime ino. Ngati lili ndi timabowo ngati chisa cha njuchi, monga mapepala ambiri a ku situdiyo akale, nyali ya sikana imawalitsa kabowo kalikonse mbali imodzi, ndipo pa 1200 nkhope imadzaza ndi timadontho toyera. Mankhwala ake ndi kusikana kawiri osasintha chilichonse pa makina: koyamba mwachizolowezi, kachiwiri mutatembenuza chithunzi mutu pansi. Kuwala kumagwera mbali yosiyana, ndipo wokonza akasanjikiza ziwirizo timadontho tambiri timafafanizika. Njira yomweyi imathandizanso pamng'alu wotukuka, umene umaponya kamthunzi mbali imodzi. Kangodya kakadzaduka n'kugwa, kasikanidwe pambali pa chithunzi chachikulucho nthawi imodzi, kosakhudzana nacho, kuti kuwala kwake kufanane.

Kumbuyo nakonso kusikanidwe, 300 dpi yakwana. Chidindo cha situdiyo kapena deti lolembedwa pamanja ndi mbali ya chithunzicho.

Musanalipire, onani zinthu zitatu pakompyuta yawo yomweyo. Dzina la fayilo lithere ndi `.tif` kapena `.tiff`. Adine fayiloyo ndi batani lakumanja, asankhe `Properties`, kenako `Details`, muone `Dimensions`: pakhale manambala oyandikira 4200 x 6000, ndipo kukula kwa fayilo kukhale mamegabayiti makumi angapo kapena kuposa apo. Mukaona TIFF ya mamegabayiti awiri, china chalakwika, mwina angosintha JPEG yakale ija dzina. Nambala ya dpi yolembedwa m'fayilo musaikhulupirire payokha, chifukwa munthu angathe kuisintha kuchoka pa 200 kufika pa 1200 popanda kuwonjezera kadontho n'kamodzi komwe. Chonena zoona ndi mapikiseli. Chachitatu, akulitse chithunzi pa `100%` muyang'ane nkhope. Ulusi wa pepala m'kati mwa mng'alu uzioneka wakuthwa. Mzere wowongoka wodutsa chithunzi chonse kuchoka kumwamba mpaka pansi, umene papepala palibe, ndi fumbi la m'kati mwa sikana; asunthire chithunzi mbali ina ya galasi abwereze.

Za WhatsApp: fayilo ikatumizidwa ngati chithunzi, imachepetsedwa ndi kufinyidwa kukhala JPEG, ndiye khama lonse lija lapita m'madzi. Ngati wokonza ali kutali, itumizidwe kudzera pa `Document`, imene imapititsa fayilo mmene ilili, bola mukhale ndi bandulo yokwanira mamegabayiti 150. Fayilo yoyambayo isungeni malo awiri, ipatseni dzina lomveka monga `ukwati_makolo_choyamba.tif`, ndipo isakonzedwe. Wokonza agwire ntchito pa kope lake, alisunge ngati PSD ngati ali pa Photoshop kapena XCF ngati ali pa GIMP, imene kuyambira mtundu wa 2.10 wa mu 2018 imagwira mafayilo a 48 popanda kuwatsitsa. JPEG ibwere kumapeto kwenikweni, yopita nayo kotsukitsa ndi yogawira abale.

Pali zithunzi zina zimene siziyenera kufika pagalasi la sikana n'komwe. Yang'anani pangodya yonyowayo ndi m'mbali mwa mng'alu. Ngati khungu la chithunzi likufundukuka ngati utoto wakale wa pakhoma, kapena likumata chala, kapena pali nkhungu yaubweya, kukanikiza ndi chivindikiro kungasiye zidutswa za nkhope pagalasi. Chimodzimodzi chithunzi chimene chinamatirira ku galasi la felemu: musachimatule, chimang'ambika khungu lokhalokha. Chinanso ndi chimene malo ake akuda akunyezimira ngati siliva mukachipendeketsa, poti sikana imawalitsa malo amenewo n'kuwasandutsa otuwa mwabuluu. Zoterezi zipite kwa wojambula wa ku situdiyo amene ali ndi kamera yabwino ndi choimikira, achijambule chitagona pansi, nyali ziwiri zikuwala mopendekeka kuchokera kumanzere ndi kumanja, ndipo asunge ngati RAW kapena TIFF. Kuwerengera kuja sikusintha: chithunzicho chidzaze diso la kamera kuti mbali yaitali ipeze mapikiseli osachepera 3500. Ngati pepalalo likufumbutuka moti ngakhale kulinyamula kukuopsa, liikeni chogona pakati pa mapepala awiri oyera ouma, ndipo mukafunse malangizo kwa osunga zakale ku National Archives konko ku Zomba musanalole munthu aliyense kuligwira.